Mawu a m'mipata: kusankha zouza munthu wosaona pa kanema wachidule

Kolera itavuta mu Lusaka kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la Heroes kusanduka chipatala, mavidiyo ophunzitsa ukhondo anayenda kwambiri pa mafoni. Ambiri mwa mavidiyo amtunduwu amakhala ndi vuto limodzi. Wolankhula amati "muthire chonchi", "madzi afike apa", "mukaona izi thamangirani kuchipatala". Munthu wosaona amamva "chonchi", "apa" ndi "izi", koma chimene chalozedwacho osachidziwa. Pa wailesi yakanema tinazolowera kuona womasulira chinenero cha manja pakona, kuthandiza osamva. Chofanana nacho kwa osaona ndi mawu owonjezera amene amalowetsedwa pamene anthu a mu kanema akhala chete, onena zimene zikuoneka.

Wolemba mawu amenewa sasowa zoti anene. Chimene amasowa ndi malo. Chithunzi chimodzi chimanyamula zinthu makumi angapo, pomwe mpata wolankhulira ndi masekondi atatu. Ntchito yonse ndi kusankha, ndipo tiiona bwino tikatsata kanema mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiyerekeze kanema wa mphindi ziwiri ndi masekondi 40, wojambulidwa ku Kanyama. Mwana wotchedwa Dalitso watsegula m'mimba. Mayi wina wa zaumoyo abwera pakhomo, amuona mwanayo, aphunzitsa amake kusungunula paketi ya madzi a moyo, kenaka kanema atha ndi zolemba pa sikirini.

Kumva kaye, kuona pambuyo

Musayambe ndi kuonera. Tembenuzani foni, sikirini iyang'ane pansi, mumvetsere kanema yense muli ndi pepala. Lembani paliponse pamene mwasokonezeka: walowayu ndani, phokoso lija ndi la chiyani, tili kuti tsopano, n'chifukwa chiyani onse angoti zii. Mukaonera kaye, maso amadzaza mipata imeneyi mosadziwa, ndipo simungathenso kuiwala zimene mwaona. Mndandanda wa mafunso umene watuluka pomvetsera ndiwo maziko a ntchito yonse. Zimene zinamveka bwino popanda kuona, zisiyeni.

Pambuyo pake onerani kawiri kapena katatu, n'kuyamba kuyeza mipata. Mpata ndi nthawi yochokera pamene munthu wina watsiriza kulankhula kufika pamene wina ayamba. Mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mipatayi imaoneka ndi maso, pamene mafunde a mawu aphwa. Amene ali ndi pulogalamu ya ffmpeg pa kompyuta angaipeze ndi lamulo ili, limene limatchula malo onse a chete wopitirira sekondi imodzi ndi theka:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -af silencedetect=noise=-30dB:d=1.5 -f null -
```

Lamuloli limamva chete yekha basi. Pamene nyimbo ikulira, kapena mvula ikugunda pa malata, silionapo mpata, ngakhale palibe akulankhula. Malo amenewo muwapeze ndi khutu.

Mpata umayezedwa ndi maphatikizo

Malangizo ambiri olembedwa m'Chingerezi amawerenga mawu pa mphindi imodzi. Kwa ife kuwerenga kumeneko n'kosathandiza, chifukwa liwu lathu limodzi limatha kunyamula chiganizo chonse. "Silikubwerera" ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi. Werengani maphatikizo.

Muuzeni amene adzawerenge mawuwo kuti awerenge ndime iliyonse mofatsa kwa masekondi khumi, inu muwerenge maphatikizo amene watchula. Poyambira pabwino ndi maphatikizo asanu pa sekondi. Pa mpata uliwonse chotsani theka la sekondi koyambirira ndi theka lina kothera, kuti mawu anu asagundane ndi a anthu a mu kanema. Ndiye kuti mpata wa masekondi asanu ndi awiri umalola maphatikizo 30, wa masekondi asanu umalola 20, wa masekondi atatu umalola khumi okha. Mpata wosakwana masekondi awiri nthawi zambiri ndi wongousiya.

Kanema wathu akuyamba ndi nyimbo ya masekondi asanu ndi awiri. Kamera ikuonetsa komboni kuchokera pamwamba, pansi pali zolemba zoti "Kanyama, nyengo ya mvula". Zolemba za pa sikirini zimawerengedwa nthawi zonse, chifukwa wopanga kanema anaziika kuti aliyense azidziwe. Tikhoza kunena kuti: "Kanyama, nyengo ya mvula. Madzi adikha pakati pa nyumba zothithikana." Amenewa ndi maphatikizo 24, ndipo nyimbo yatsala ndi kampata kopumira. Mitambo, mawaya a magetsi, galu wodutsa ndi minibasi imene ikuoneka patali tazisiya, ndipo palibe chimene womvera wataya.

Chitsime ndi chimbudzi

Gawo lachiwiri ndi pamene olemba atsopano ambiri amagwera. Mtsikana akutunga madzi pachitsime chosazama. Wavala diresi yofiira, chigubu chake n'chachikasu. Chakumbuyo pang'ono, mapazi ochepa kuchokera pachitsimecho, pali chimbudzi chokumba. Palibe amene akuchitchula. Mpata ndi masekondi asanu.

Dzanja limathamangira kulemba chimene chili pakati pa chithunzi: "Mtsikana wovala diresi yofiira akutunga madzi pachitsime ndi chigubu chachikasu." Chiganizochi n'choona chonse. Koma chili ndi maphatikizo 32, pomwe malo ndi a 20, ndipo choipa kwambiri n'chakuti chasiya chifukwa chimene wojambula anaimikira kamera pamenepo. Woona amaona chimbudzi n'kumvetsa kumene matenda achokera. Wosaona akauzidwa za diresi, adzafika pa mwana wodwala osadziwa chayambitsa.

Funso loyesera chinthu chilichonse ndi ili: ndikapanda kuchinena, kodi womvera adzamva nkhani molakwa kapena kuchita chinthu molakwa? Diresi ikulephera mayesowa. Chigubu chikulephera. Liwu loti "madzi" nalonso likhoza kuchoka, popeza mneni "kutunga" walinyamula kale ndipo madziwo akumveka akukhavukira. Chotsala ndi ichi: "Mtsikana akutunga pachitsime. Chimbudzi chili pomwepo." Maphatikizo 20 ndendende.

Onani kuti sitinanene kuti "madziwa ndi oipa". Kanemayo sananene zimenezo pa nthawi imeneyi. Wangoika zinthu ziwiri pafupi kuti woonera alumikize yekha. Wosaona apatsidwe zinthu ziwiri zomwezo, alumikizenso yekha. Nzeru ali nazo, chimene akusowa ndi chithunzi.

Izi sizikutanthauza kuti mitundu ya zinthu isamatchulidwe. Anthu ambiri osaona anayamba aonapo, ena amaonabe pang'ono, ndipo ngakhale wobadwa wosaona amadziwa chimene zovala zoyera za namwino kapena zakuda za pamaliro zimatanthauza. Diresi yofiira ikanakhala kuti ndiyo idzatizindikiritse mtsikanayu pagulu kutsogolo, ikanalowa. Mu kanema uyu sikubweranso.

Vuto la "a-"

Chinenero chathu chili ndi msampha umene malangizo ochokera kunja sautchula. Tikati "akulowa m'nyumba", sizikudziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi, munthu mmodzi kapena gulu. Pocheza timadziwa chifukwa tikuona. Mu chipinda muli amake Dalitso, mayi wa zaumoyo ndi mwana, mawu oti "agwada" akhoza kukhala a aliyense.

Choncho aliyense mu kanema apatsidwe dzina limodzi lalifupi, ndipo lisasinthe. Amene mwamutcha "mayi wa zaumoyo" poyamba asadzakhale "namwino" pakati ndi "mlendo" kumapeto, chifukwa womvera adzawerenga anthu atatu. Dzina lenileni likatchulidwa mu kanema, lumikizani kamodzi, mwachitsanzo "mwana uja, Dalitso", ndipo kuyambira pamenepo gwiritsani dzinalo. Ngati wochita sanasinthe kuchokera pa chiganizo chapita, dzina likhoza kusiyidwa. Akasintha, litchuleni ngakhale likudya maphatikizo.

Mawu oti "mtsikana", "mayi", "agogo", "mnyamata", "bambo" ndi otchipa kwambiri: maphatikizo awiri, atatu kapena anayi akupereka msinkhu, ulemu ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi nthawi imodzi. Koma samalani ndi mawu a chibale. Musanene "mlamu wake" kapena "apongozi" ngati kanema sanaulule zimenezo, ngakhale inu mwaziwerenga mu pepala la seweroli.

"Mwaona?"

Pa masekondi 31 mayi wa zaumoyo akugwada pafupi ndi mphasa. Atsina khungu la pamimba pa mwana, n'kulisiya, ndipo khungulo likutsala litaima kanthawi. Iye akungoti kwa amake, "Mwaona?" Ichi ndi chizindikiro chenicheni chakuti madzi achepa m'thupi, ndipo ndicho phunziro la gawoli. Pambuyo pa "Mwaona?" pali masekondi atatu okha.

Zonse sizingalowe mu maphatikizo khumi. Koma kutsogolo kwa funsolo kuli mpata winanso wa masekondi atatu, pamene mayiyo akugwada. Tigawe pawiri. Mu mpata woyamba: "Atsina khungu la pamimba", maphatikizo asanu ndi anayi. Mayi ati, "Mwaona?" Mu mpata wachiwiri: "Likuchedwa kubwerera", maphatikizo asanu ndi atatu. Apa dzina la wochita talisiya chifukwa mayiyo ndiye wangolankhula kumene, ndipo liwu lake likubwera nthawi yomweyo.

Mawu oyambawo afika sekondi imodzi kapena ziwiri kutsinako kusanachitike pa sikirini. Zimenezi n'zololedwa, ndipo zimachitika kawirikawiri. Pamene kutsogola kumaononga ndi pa zinthu zodzidzimutsa kapena zoseketsa. Wosaona akaseka anzake a pa mpando womwewo asanaone choseketsacho, kapena akauzidwa kuti wina wabisala kuseri kwa chitseko nthawi isanakwane, mwaba chimene wopanga kanema anasungira onse.

Maso a mwanayu ndi olowa m'kati, chimenenso ndi chizindikiro. Sitikuwatchula, chifukwa patangopita masekondi ochepa mayi wa zaumoyo akunena yekha kuti "maso awa alowa". Chimene chidzanenedwa ndi anthu a mu kanema musachiwonongere mpata.

Pamene kulakwa kumavulaza

Gawo losungunula ndi lofunika kusamala koposa. Mayi wa zaumoyo akuti, "Madzi owiritsa afike apa", akuloza pa botolo. Kenaka, "Muthire", ndipo akukhuthula paketi. Mipata yake ndi ya masekondi awiri ndi theka. Pa woyamba tinena "Lita imodzi", pa wachiwiri "Paketi yonse". Onse ndi maphatikizo asanu asanu. Sitinanene kuti akuloza, kapena kuti akukhuthula, chifukwa womvera akufuna muyeso.

Koma "lita imodzi" imeneyi mwaitenga kuti? Iyenera kuoneka pa botolo kapena pa paketi mu kanemayo, kapena itsimikizidwe ndi amene anapanga kanema. Musaitenge m'mutu mwanu. Mapaketi a madzi a moyo safanana onse: alipo a lita imodzi, aliponso ang'onoang'ono a mamililita 200, monga amene amapezeka mu Kit Yamoyo, phukusi la mankhwala a ana otsegula m'mimba kuno ku Zambia. Paketi ya lita ikasungunulidwa mu kapu imodzi, mchere umachuluka, ndipo zimenezo n'zoopsa kwa mwana. Imitsani kanema, kulitsani chithunzi, werengani paketiyo. Ngati sikuwerengeka, imbirani opanga.

Kanema wophunzitsa ndi wosiyana ndi sewero pa mfundo imeneyi. Mu sewero mukasiya kanthu, womvera amataya kukoma pang'ono. Mu kanema wophunzitsa, manambala, miyeso, mayina a mankhwala ndi dongosolo la zochita ndi zoyamba kulowa, zina zonse zidikire.

Bambo pakhomo

Chakumapeto mayi wa zaumoyo akuti mwana apite kuchipatala lero lomwe. Pakubwera chete wa masekondi asanu ndi atatu. Bambo wa mwanayo aima pakhomo, atulutsa ndalama, aziwerenga, azibweza m'thumba, n'kutuluka. Chitseko chikumveka.

Malo alipo a maphatikizo 35, ndipo chiyeso chake ndi kuwadzaza. Wina alemba kuti "bambo wouma manja akukana kupereka ndalama". Wina alemba kuti "bambo akudandaula chifukwa ndalama sizikukwana". Onse awiri aweruza mlandu umene kanema wausiya dala osauweruza. Woona sakudziwa ngati bamboyu akukana kapena akupita kukakongola. Lembani zochitika: "Bambo ake aima pakhomo. Awerenga ndalama, azibweza m'thumba." Kutuluka kwake chitseko chidzanena chokha. Masekondi otsalawo akhale chete, popeza chete ameneyo ndi mbali ya seweroli.

Nkhope ndi zovuta chimodzimodzi. "Wakwiya" ndi chigamulo. "Wakwinya nkhope", "walumata mano", "wayang'ana kumbali" ndi zooneka. Komabe si bwino kuumirira lamuloli mpaka kufika pofotokoza minofu ya kumaso ngati dokotala. Ngati munthu akumwetulira, nenani kuti akumwetulira. Ngati mpata ndi wa maphatikizo anayi ndipo mantha ake palibe angawatsutse, "mwamantha" akwanira.

Apa mvekero zathu zimathandiza kwambiri. "Angoti duu", "amuyang'ana dwii", "misozi mbwembwembwe": zimapereka chithunzi mwachangu kuposa chiganizo chachitali. Vuto lake n'lakuti zimakopa khutu. Zikachuluka, wofotokoza amasanduka wa nthano, ndipo womvera amayamba kumvera iye m'malo mwa kanema. Imodzi kapena ziwiri mu kanema wachidule n'zokwanira. Nkhani ya chilankhulo ndi yomweyo: ngati anthu a mu kanema akulankhula Chinyanja cha mu tauni, chosakaniza ndi Chibemba apa ndi apo, wofotokoza asabwere ndi mawu akuya a m'mabuku amene mwana wa ku Chawama sanawamvepo. Ngati ochita sewero akuti "kantemba", nanunso nenani "kantemba".

Zolemba zomaliza zikakana kukwana

Kanema akutha ndi sikirini yokhala masekondi asanu ndi limodzi, yolembedwa zizindikiro zisanu zoopsa ndi nambala ya foni. Kuwerenga zonsezo mofatsa kumafuna masekondi 14 kapena kuposa. Kufupikitsa mndandanda wa zizindikiro zoopsa sikoyenera, ndipo nambala yowerengedwa mothamanga palibe angaigwire.

Njira yake ndi kuimitsa chithunzi kuti mawu athe. Malangizo a WCAG, amene mabungwe ambiri amatsata pa zinthu za pa intaneti, amasiyanitsa ziwirizi: ndime 1.2.5 ikunena za mawu olowa mu mipata imene ilipo kale, ndime 1.2.7 ikunena za kuimitsa kanema pamene mipata yachepa. Kutalikitsa chithunzi chomaliza ndi masekondi khumi kumatheka motere:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vf tpad=stop_mode=clone:stop_duration=10 -af apad=pad_dur=10 wautali.mp4
```

Nambala iwerengedwe m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi, kawiri. Zizindikiro za mabungwe othandiza zimene zimadzaza pansi pa sikirini zitchulidwe pomaliza penipeni, mwachidule, ngati opanga akufuna.

Ngati kanema sanajambulidwe kale, mavuto ambiri amene taona apa amathera pa pepala la sewero. Mayi wa zaumoyo akanena yekha kuti "madzi lita imodzi, paketi yonse", sipafunikanso wofotokoza pa gawo limenelo, ndipo ngakhale woona amene akuphika uku foni ili pa tebulo amapindula.

Kujambula ndi kuyesa

Liwu la wofotokoza lisafanane ndi la aliyense mu kanema. Muno muli amayi awiri olankhula kwambiri, choncho liwu lachimuna lingasiyanitse bwino. Liwerengedwe mu nthawi ya tsopano, modekha, motsata mtima wa gawolo koma osachita sewero. Foni yabwino imakwanira kujambulira ngati chipinda chili ndi makatani kapena matiresi oletsa mawu kubwerera.

Posakaniza, mawu a kanema atsike pamene wofotokoza akulankhula. Mu Audacity chida chake ndi Auto Duck: njanji ya wofotokoza, kutanthauza mzere wa mawu ake pa sikirini, iikidwe pansi penipeni pa njanji ya kanema, musankhe njanji ya kanemayo, n'kuyamba ndi -12 dB imene imabwera kale. Pa gawo la mvula ya pa malata pangafunike kutsitsa koposa, chifukwa phokoso limenelo limameza zilembo ngati s ndi f. Yesani pa sipika ya foni yotchipa, chifukwa ndi pamene ambiri adzamvere. Chimene chikumveka bwino m'makutu ndi mahedifoni chikhoza kusoweratu pa foni.

Kanema wotumizidwa pa WhatsApp amakhala ndi njanji imodzi ya mawu, ndiye palibe batani loyatsira kapena kuzimitsira wofotokoza. Pangani mavidiyo awiri, ndipo uthenga wotsagana ndi wachiwiriyo ulembedwe ndi zilembo zenizeni, wonena kuti uyu ali ndi mawu ofotokozera osaona. TalkBack, imene imawerengera osaona pa mafoni a Android, imawerenga uthenga wolembedwa. Mawu ojambulidwa m'kati mwa chithunzi musawadalire kuti adzawerengedwa.

Chomaliza ndi kumvetsera ndi anthu osaona eniake, awiri kapena atatu, ndipo ndi bwino pakhale wobadwa wosaona ndi wina amene anasiya kuona atakula. Mu Lusaka mungayambire ku laibulale ya osaona ku Chilenje kapena ku bungwe la anthu osaona la ZANFOB, ndipo nthawi yawo ilipiridwe ngati ya katswiri wina aliyense. Musafunse kuti "zinali bwino?", chifukwa mwaulemu wathu yankho lidzakhala "zinali bwino". Funsani mafunso amene ali ndi yankho: Dalitso wadwala chifukwa chiyani? M'chipinda muja munali anthu angati? Madzi ochuluka bwanji pa paketi imodzi? Bambo uja anachita chiyani? Wina akayankha kuti munali amayi atatu, bwererani mukaone pamene dzina linasintha kapena pamene "a-" anatsala yekha. Akati sakudziwa chimene chadwalitsa mwana, ndiye kuti chiganizo cha chimbudzi chinamira mu phokoso la madzi, ndipo gawolo lisakanizidwenso.